Chifukwa chimene ndasinthira mawu otsatsira chiponde chanu

Mayi, mawu amene munanditumizira anali awa: "Ife ndife akatswiri opanga chiponde chabwino kwambiri, chokoma, chopatsa thanzi komanso chotsika mtengo kuposa onse m'Malawi." Amene ndakubwezerani ndi awa: "Chiponde chenicheni: mtedza ndi kamchere basi." M'munsimu ndayankha mafunso amene mungakhale nawo mukawaona.

Kodi mawu otsatsira malonda ndi chiyani kwenikweni?

Ndi kachiganizo kakafupi kamene kamayenda limodzi ndi dzina la katundu, pa botolo, pa chikwangwani ndi pa wailesi. Ntchito yake ndi kusiya mfundo imodzi m'mutu mwa wogula. Kufotokoza zonse za bizinesi ndi ntchito ya kapepala kotsatsira malonda.

Mawu anga aja analakwika pati?

Maganizo anu anali abwino, koma munasenzetsa chiganizo chimodzi malonjezo asanu: ukatswiri, ubwino, kukoma, thanzi ndi mtengo. Munthu wotola botolo pa shelefu amangoponyapo diso, ndipo mawu 16 safika nawo kumapeto. Pa kabotolo ka magalamu 250, mawu ochuluka chotero amafuna zilembo zing'onozing'ono zoti munthu achite kutsinzinira nazo diso. Tsopano atsala 6, ndipo angalembedwe ndi zilembo zazikulu.

Bwanji mwachotsa "Ife ndife akatswiri"?

Malo oyamba m'chiganizo ndi amene amamveka kwambiri, choncho ndaikapo chimene wogula wabwerera, chomwe ndi chiponde. Pa wailesi, munthu akangomva mawu awiri oyamba minibasi n'kuliza hutala, wadziwa kale chimene mukugulitsa. Ukatswiri wanu auona yekha akatsegula botolo.

Nanga za mtedza ndi mchere mwazitenga kuti, poti ine sindinalembe?

Munazinena nokha tsiku limene ndinakufunsani chimene chimasiyanitsa chiponde chanu ndi cha ena. Munati simuthiramo shuga kapena mafuta ophikira, mumangokazinga mtedza, kuupukusa, kuugaya n'kuwazamo mchere pang'ono. Aliyense wogulitsa chiponde amanena kuti chake n'chokoma, koma si onse anganene zimene munanenazo. Kwa ine, imeneyi ndiyo mfundo yamphamvu kuposa zonse zimene muli nazo, ndipo zinandikhudza kuona kuti inasowa m'mawu oyamba aja.

Vuto la "kuposa onse m'Malawi" n'chiyani?

Mavuto ndi awiri. Loyamba ndi la chiyankhulo: "onse" akuloza anthu, pomwe chiganizo chikukamba za chiponde, kotero panayenera kukhala "kuposa china chilichonse". Lachiwiri ndi lalikulu: mawuwa akunena kuti palibe chiponde chotsika mtengo kuposa chanu m'dziko lonse, zimene simungathe kuperekera umboni. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo okhudza kutsatsa malonda mosocheretsa, ndipo sindikufuna kuti dzina lanu likafike kumeneko.

Ndiye mtengo tisautchule n'komwe?

Utchuleni, koma pamalo posavuta kusintha, monga pa kapepala komata pa shelefu. Mtengo wa mtedza umatsika nthawi yokolola n'kukwera dzinja likamayandikira, pomwe malebulo mukasindikiza mudzakhala nawo nthawi yaitali.

Kodi "chopatsa thanzi" si zoona?

Mtedza ndi chakudya chomanga thupi, pamenepo palibe wotsutsa. Koma lonjezo la thanzi limadaliranso kuti mtedzawo ukhale wopanda poizoni wochokera ku chuku, amene saoneka ndi maso ndipo satha ndi kukazinga. Chimene chingakuyankhulireni bwino ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, chomwe chimaikidwa pa lebulo pokhapokha bungwelo litayeza katundu wanu n'kukupatsani chiphaso.

Mawu atsopanowa alibe vuto lawo?

Ali ndi malire amodzi ofunika kuwakumbukira. "Basi" ndi lonjezo, choncho tsiku limene mudzayambe kuthira shuga kapena uchi, mawuwa asadzakhalenso pa botolo limenelo. Muonetsetsenso kuti mndandanda wa zosakaniza kuseri kwa botolo ukunena zinthu ziwiri zomwezo.

Ndingadziwe bwanji kuti akugwira ntchito?

Musanapite nawo kosindikiza, awerengereni makasitomala asanu mokweza, kamodzi kokha, osawafotokozera kanthu. Mawa lake afunseni chimene akukumbukira. Akatchula mtedza ndi mchere, ngakhale asanene mawu ake ndendende, mfundo yalowa. Akayankha kuti "chiponde chabwino", ndiye kuti padakali ntchito.

Ngati sanandisangalatse, nditani?

Pangano lathu likulola kubwereza kawiri popanda kuonjezera ndalama. Ndiuzeni chenicheni chimene sichikukukhalirani bwino, kaya ndi liwu lina, kaya ndi kamvekedwe kake, kaya ndi mfundo imene ndasankha, chifukwa chilichonse mwa izi chimakonzedwa mwa njira yakeyake. Yankho lanu ndilimve musanalipire osindikiza malebulo.