Rauta nayo imafuna pulogalamu yatsopano

Mkati mwa rauta yomwe imakupatsani intaneti muli pulogalamu yotchedwa femuweya. Ikakalamba, mipata imene akuba a pa intaneti anaitulukira imakhala yosatseka. Mu 2018, pulogalamu yoipa yotchedwa VPNFilter inapezeka italowa m'marauta pafupifupi 500,000 m'mayiko oposa 50, eni ake osadziwa, poti intaneti inkayenda bwinobwino. Ndiye onena kuti chosawonongeka sachikonza akulakwitsa apa.

Ena amaopa kuti akaika femuweya yatsopano intaneti idzathawa. Zoona, rauta imazima n'kuyakanso kwa mphindi zochepa, ndipo zimenezo sizipeweka. Panthawiyo yatsani hotisipoti ya foni. Choopsa chenicheni ndi magetsi kuthima ntchito ili mkati, chifukwa rauta ingathe kufa. Choncho ilumikizeni ku batire kapena invetala, kompyuta muilumikize ndi waya. Tsegulani adilesi yolembedwa pansi pa rauta, kawirikawiri `192.168.1.1`, musunge makonzedwe anu pa `Backup`, makamaka dzina ndi mawu achinsinsi a `PPPoE` kapena `APN`. Tengani fayilo ya femuweya yatsopano kwa opanga rautayo, yogwirizana ndi mtundu ndi nambala yake, monga `V2`. Mukaiika mu rauta koma intaneti osabwera, bwezeretsani makonzedwe aja pa `Restore`.