Mwana wanga sanalowe m'sitolo, bwanji akumuzenga mlandu wakupha?

Bambo Loya,

Mwana wanga amayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Usiku wina anzake awiri anamupempha kuti akawatule ku sitolo ina ndi kuwadikira pamsewu. Iwo anathyola sitoloyo, ndipo mlonda atadzidzimuka anamutema, namwalira. Mwanangayo sanatsike n'komwe panjinga, ngakhale akuti chikwanje anachiona m'thumba la mmodzi wa iwo. Tsopano ali m'ndende pa mlandu wakupha pamodzi ndi anzakewo. Kodi munthu angalangidwe chifukwa cha dzanja la mnzake?

Mayi wosweka mtima, Dedza

Mayi,

Mawu akuti "sanalowe" ndawamva kambirimbiri, ndipo sanapulumutsepo munthu pa okha, choncho tisachedwe nawo. Chimene chandiimitsa m'kalata yanu ndi chikwanje chija, chimene mwachitchula modutsa monga ngati ndi kanthu kachabe, pamene mlandu wonse wagona pomwepo.

Gawo 21 la malamulo a milandu ndi zilango m'dziko muno limati wothandiza, wolimbikitsa, wolangiza kapena wotuma mnzake kuchita cholakwa amayesedwa wochita cholakwacho, mofanana ndi mwini dzanja. Kotero kuti ngati mwana wanu anadziwa kuti ulendowo unali wakuba, kudikira kwake pamsewu, injini ili chile, kunali mbali yake ya ntchito yothyola sitolo. Koma gawo 22 ndilo loopsa koposa, pakuti limati anthu akagwirizana kuchita chinthu choletsedwa, ndipo pochichita pakachitika cholakwa china chimene chinali chotheka ndithu kutulukamo, aliyense wa iwo amayesedwa kuti wachita cholakwa chachiwiricho, angakhale sanachifune. Tsono oweruza adzadzifunsa kuti: anthu opita usiku ku sitolo yokhala ndi mlonda, atanyamula chikwanje, amati chikwanjecho chikagwire ntchito yanji? Loko amathyola ndi chitsulo, Mayi. Chikwanje amatengera munthu.

Musadalirenso zoti sanakhale pansi kupangana. Mgwirizano wotere sulembedwa, ndipo khoti limauwerenga m'zochita: ora limene ananyamuka, ngati nyali ya njinga anaizimitsa poyandikira, ndalama zimene analandira ngati zinaposa mtengo wa masiku onse, ndi ngati anawanyamulanso pothawa. Upo wokha wochita mlandu waukulu ndi mlandu pawokha pa gawo 404, ngakhale sitoloyo ikadapanda kuthyoledwa.

Sindikuti watsutsika kale. Kupezeka pamalo sikulakwa, ndipo wakabaza wonyamula anthu osadziwa za mumtima mwawo alibe tchimo. Udindo wotsimikiza kuti iye anadziwa uli pa boma, ndipo chikaiko chomveka chikatsala ayenera kumasulidwa. Nkhani ili pa nthawi imene anaona chikwanjecho: kuchiona asananyamuke ndi kwina, kuchiona akuthawa chili ndi magazi ndi kwinanso, pakuti wothandiza wolakwa kuthawa zonse zitachitika ali ndi mlandu wake wocheperapo, wosati wakupha. Ine mwini mtima umandiwawa kuti lamuloli limakokera mnyamata wopusitsidwa m'khoka limodzi ndi chigawenga, monga amanenera akuluakulu kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Komabe ndikakumbukira mkazi wa mlonda uja, ndimazindikira chifukwa chake analiika.

Zaka zapitazo ndinaimirira mnyamata wina amene anaikidwa pamphambano kuti aziimba likhweru akaona anthu, anzake akuba ng'ombe m'khola. Anandilumbirira misozi ili mbwembwembwe kuti atamva agalu akuuwa mtima wake unabwerera, nayamba ulendo wa kwawo mwakachetechete. Ndipo ine ndinamukhulupirira, pakuti anali mwana wofatsa, woimba kwaya, amene amayi ake ankabwera ku khoti tsiku ndi tsiku ndi kamtolo ka mbatata yootcha. Koma atafunsidwa kuti anauza yani za kubwerera kwakeko, anangoti chete, popeza anzakewo anapitiriza ntchito akukhulupirira kuti mlonda wawo akadali pamphambano, namumenya mwini ng'ombe kufikira kumulumaza. Kulapa kwa mumtima amakuona ndi Mulungu yekha. Khoti limafuna kuti wotuluka mu upo awauze anzake momveka nthawi ikadalipo, ndi kuyesa kufafaniza thandizo limene anapereka, kaya pochenjeza mwini katundu kaya pokanena kupolisi. Mnyamatayo anamangidwa, ndipo amayi aja sindinawaonenso.

Chotero musapite kukapempha mboni kuti zisinthe mawu, kapena kunyengerera abale a malemu kuti athetse nkhani, chifukwa mlandu wakupha ndi wa boma, umazengedwa ku Khoti Lalikulu, ndipo mungadzipalire wanuwanu. Mwana wanu ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asasayinire chikalata chimene sanachimvetse. Pitani ku ofesi ya boma yopereka maloya kwa osowa ndalama, ndipo loyayo akamuuze zoona zonse za chikwanjecho: anachiona liti, ali pati, ndipo atachiona ananena chiyani.