Anangotuluka pa geti, ndiwatsanzike?

Ambuya,

Kwathu ndi kufupi ndi Mkaika, koma ndimagwira ntchito pa depoti ina yogula thonje ndi nshawa ku Sinda. Mwezi watha anachotsa abambo ena amene anakhala pa sikelo zaka 9, akuti matumba anasowa. Ndiwo anandiphunzitsa ntchito. Munthu akamapuma kapena kusamutsidwa, timasonkha K50 aliyense, kugula chitenje cha amayi kunyumba ndi kupha nkhuku. Koma awa anangotuluka pa geti, ndipo madzulo ake anawachotsa pa gulu lathu la WhatsApp. Ndikuopa kuti mabwana anganene kuti ndinali nawo limodzi, makamaka poti pa sikelopo aikapo ine. Ndilinso ndi K600 yawo yomwe ndinabwereka ya fetereza, koma imeneyo si nkhani. Kodi ndiwatumizire uthenga wotsanzika, kapena ndingokhala chete?

Wothedwa nzeru, Katete

Mdzukulu wanga,

Wati chiyani? Imeneyo si nkhani? Munthu wakhala mwezi wathunthu wopanda malipiro, iwe wakhala pa mpando wake, ndalama yake ili m'chimanga chako, ndiye ukundifunsa za kauthenga ka pa foni? Nkhani ndi imeneyo, mwanawe. Abambowo akamagona usiku saganiza za chitenje. Amawerenga amene ali nawo ngongole, ndipo dzina lako lili pamwamba.

Bweza K600 imeneyo mwezi uno. Ngati yonse siyikwana, pereka theka, unene tsiku la yotsalayo. Ndipo usayerekeze kuiika mu envulopu ngati mphatso kuti akuthokoze ndi ndalama yawo yomwe. Unene poyera kuti iyi ndi ngongole ija. Nkhuku ukafuna kunyamula, ikhale payokha.

Za kutsanzika, inde, katsanzike. Ife Achewa tili ndi mawu akuti kusudzula. Ngakhale mkamwini amene ukwati wamukanika pamudzi, ankhoswe amakhala pansi, nkhani imakambidwa, munthu n'kumasulidwa anthu akuona. Sikuti amamusudzula chifukwa anali wabwino ayi. Amatero kuti mawa akakumana panjira athe kupatsana moni. Za matumbazo, sindinaziwerenge ine, sunaziwerenge iwe. Mlandu ndi wa mabwana ndi abambowo. Chako ndi zaka zimene anakuonetsa mmene sikelo imayesedwera m'mawa ndi mmene lisiti la mlimi limalembedwera.

Koma za foni siya. Uthenga wolemba umayenda. Lamulo la ntchito la Zambia la 2019 limati munthu asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe lake ayenera kupatsidwa mpata wodziyankhira. Ngati abambowo akuona kuti sanamvedwe, angathe kukadandaula kwa a Leba. Tsono iwe ukalemba mwachifundo kuti anakulakwirani, tonse tikudziwa, mawu ako angakapezeke pa tebulo la mlandu, dzina lako lili pansi. Ukalembanso mozizira, mizere iwiri ndi kachithunzi ka manja opemphera, adzati wakula mtima chifukwa cha mpando.

Pita ndi miyendo, Lamlungu masana, anthu akuona. Usapite wekha, ndiwe mkazi ndipo pamudzi pali pakamwa. Tenga azakhali ako kapena mayi wina wa kumpingo. Uyambe kulonjera amayi a pakhomopo, ndiwo akusenza manyazi ku chigayo ndi ku mjigo. Kenako mawu ako akhale ochepa: ndabwera kudzakuonani, munandiphunzitsa ntchito, sindinaiwale. Akayamba kufotokoza mbali yawo, mvetsera, koma usavomereze, usatsutse, ndipo usawauze zimene zikunenedwa ku depoti. Za mpando unene wekha asanafunse, kuti pa sikelo anaikapo ine. Akudziwa kale. Chimene akudikira n'kuona ngati uli ndi mtima wonena.

Msonkho wa K50 uwusiye. Pepala la mayina likayamba kuzungulira, limasanduka kalembera wa amene ali mbali ya mabwana ndi amene ali mbali ya wochotsedwa, ndipo iwe wolinyamula ndiwe udzaitanidwa mu ofesi.

Ndipo inu nonse a m'maofesi, m'masukulu ndi m'makopaletivu kuyambira Sinda mpaka Vubwi, khalidwe lomuthawa munthu ngati ali ndi khate mwalitenga kuti? Kuno si ku Lusaka kumene munthu amasowa m'chigulu. Kulamba ikafika kumapeto kwa Ogasiti mudzapezana naye pa Mkaika, mukukankhana kuti muone gule, ndipo maliro akagwa kwanu mwina ndiye adzagwira khasu kumanda.

Mwina abambowo adzakulandira mozizira, mdzukulu wanga, osakupatsa ndi mpando womwe. Zikatero usakhalitse. Pereka ndalamayo m'manja mwawo amayi akuona, tsanzika bwino, uzipita dzuwa lisanalowe.

Ambuya