Chamwamba: Zimene Zili M'tsamba ndi Zimene Zimafika M'magazi

Ambiri a ife tinadzala chamwamba, chimene ena amachitchula kuti moringa, m'mabwalo athu kuno ku Nangongwe, ndipo ena tayamba kugulitsa ufa wake. Wogula akatifunsa ngati ufawu umawonjezera magazi, tiyenera kumuyankha zoona.

Tsambali ndi lolemeradi. Magalamu 100 a masamba aawisi amakhala ndi ayironi wokwana pafupifupi mamiligalamu 4. Masambawo akauma madzi amachoka, choncho mu ufa wolemera chimodzimodzi mumapezeka mamiligalamu oposa 20. Komatu palibe amene amadya ufa wochuluka chotero. Supuni yaikulu imanyamula magalamu 8 okha, ndipo m'menemo muli ayironi wa mamiligalamu awiri basi, pamene mayi woyembekezera amafunika pafupifupi 27 tsiku lililonse.

Ngakhale awiriwo safika onse m'magazi. Ayironi wa m'masamba amalowa m'thupi movutikira kusiyana ndi wa m'nsomba kapena m'nyama, ndipo zina za m'tsambalo, m'nsima ya mgaiwa ndi m'tiyi zimamutsekereza. Ku Senegal, pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011, amayi oyamwitsa ena anapatsidwa ufa wa chamwamba kwa miyezi itatu, anzawo napatsidwa mapiritsi a ayironi. Magazi anakwera ku magulu onse awiri, koma nkhokwe ya ayironi m'thupi inakula mwa omwa mapiritsi okha.

Pa vitamini A umboni wake ndi wolimbirako. Tsambali lili ndi bita-karotini wambiri, amene thupi limamusandutsa vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi. Komabe kafukufuku wochuluka anachitika pa nyama ndi m'malabu, ndipo wa pa anthu ndi wa magulu ang'onoang'ono. Bita-karotini amawonongeka ndi dzuwa, ndiponso amafuna mafuta kuti alowe bwino m'thupi. N'chifukwa chake timayanika masamba pamthunzi podutsa mphepo, ndi kusunga ufa m'chitini chotsekeka bwino. Ufa wabwino umakhala wobiriwira. Ukatuwa kapena kufiirira, mphamvu yambiri yatha. Pophika, titsire nsinjiro kapena timafuta, ndipo tisawiritse nthawi yaitali.

Tsono wogula uja timuuze kuti chamwamba ndi ndiwo yabwino, yopezeka ngakhale m'chilimwe pamene masamba ena asowa, ndipo imathandiza kwambiri ikadyedwa ndi tomato kapena kansomba ka mumtsinje wa Kafue. Koma si mankhwala a kuchepa kwa magazi, poti vutoli limadzanso ndi malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo. Mayi woyembekezera asasiye mapiritsi a kusikelo chifukwa cha ufa wathu, ndipo mwana wotuwa m'zikhatho ndi m'zikope apite naye kuchipatala msanga. Tikalonjeza zoposa zimene tsamba lingathe, tiika moyo wa mnzathu pangozi, ndipo malonda athu ataya chikhulupiriro.