Mapointi Odulira: Amachokera Kuti, Nanga Ana Akafanana Zimatha Bwanji?

Chaka chilichonse mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite ukatuluka, makolo ena amabwera kusukulu ndi funso ili: "Mwana wathu anapeza mapointi ofanana ndi mnzake. Mnzakeyo dzina latuluka, wathu ayi. Kodi pachitika chinyengo?" Tisanathamangire ku chinyengo, tiyeni tione kawerengedwe kake.

Kale ofuna kulowa Yunivesite ya Malawi ankalemba mayeso apadera olowera. Masiku ano otsiriza Fomu 4 amasankhidwa potengera zotsatira za MSCE, ndipo bungwe la NCHE ndilo limagwirizanitsa kasankhidwe ka m'mayunivesite a boma. Pa MSCE giredi 1 ndiyo yapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, ndipo wofunsira malo amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Tiyerekeze mwana wapeza Chichewa 1, Masamu 2, Bayoloje 2, Chingerezi 3, Kemisitiri 3, Fizikisi 4 ndi Jogalafe 5. Jogalafe itsala, ndipo maphunziro enawo akaphatikizidwa apereka mapointi 15.

Tsono apa mpamene ambiri timasokonezeka. Timaganiza kuti mapointi odulira ndi nambala imene akuluakulu amakhala pansi n'kugwirizana mayeso asanalembedwe. Sichoncho. Tiyerekeze kosi ili ndi malo 40, oifuna ndi 300, ndipo kuti tisachulutse gaga m'diwa tinene kuti akuyang'ana mapointi okha. Onsewo aikidwa pamzere kuyambira wa mapointi ochepa kwambiri. Akawerenga kufika pa munthu wa nambala 40, amadula. Mapointi a munthu womalizayo ndiwo odulira. N'chifukwa chake nambala ya chaka chatha imangotipatsa chithunzi, si lonjezo. Ana akakhoza bwino chaka chino, kapena ofuna kosiyo akachuluka, pamene anadulira pa 15 atha kudulira pa 13.

Tibwerere kwa mwana wathu uja. Tinene kuti anthu 37 ali ndi mapointi 14 kapena ochepera apo. Atenga malo awo, ndipo atsala malo atatu. Koma a mapointi 15 alipo asanu ndi anayi. Ndiye kuti atatu alowa, asanu ndi mmodzi atsala, ngakhale onse afika pa mapointi odulira. Kufananaku sikungapeweke: kuchokera pa 6 kufika pa 36 pali manambala 31 okha, pamene ofunsira malo ndi zikwi. Tisaiwalenso kuti kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna, choncho ana awiri a mapointi 15 safanana pamaso pa kosi ya uinjiniya ngati wina ali ndi 2 pa Masamu, wina 6.

Nanga zonse zikafanana? Chitsanzo chomveka bwino ndi cha ku Ireland, kumenenso amawerenga maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza kwambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mapointi ochuluka ndiwo abwino, ndipo apamwamba zedi ndi 625. Ofesi yosankha, ya CAO, imapatsa wofunsira aliyense nambala yamaere yosakhudzana ndi nzeru zake. Anthu akafanana pamalo otsiriza, nambala imeneyi ndiyo imagamula. Pamndandanda amaika kanyenyezi (*) pambali pa mapointi a kosiyo, kusonyeza kuti si onse ofika pamenepo amene apatsidwa malo. M'chaka cha 2021 makosi ena anadulira pa 625 ndi kanyenyezi, kutanthauza kuti ana ena amene anapeza mapointi onse otheka anatsala panja.

Aliyense angaone kuti zimenezi n'zowawa. Komabe ife tikuona kuti maere olengezedwa poyera amaposa kusiyira munthu mmodzi wa muofesi kuti asankhe yekha, chifukwa maere sadziwa mwana wa bwana. A ku Ireland nawonso anafuna kuchepetsa maerewo. Mu 2017 anasintha kawerengedwe: m'malo mwa mapointi odumpha ndi 5, magiredi anayamba kupereka 100, 88, 77, 66 ndi kutsika, kuti ziphatikizo zizisiyanasiyana ndipo ofanana ndendende achepe.

Kwa inu a Fomu 4, phindu la masamu amenewa lili pa fomu yofunsira malo. Mukaona kuti mapointi anu akufanana ndi odulira a chaka chatha, dziwani kuti mwaima pamzere pomwe, m'gulu la anthu asanu ndi anayi aja. Kosi imeneyo ilembeni ndithu ngati mukuifuna, koma makosi otsatirawo asakhale onse olimbiranidwa chimodzimodzi. Pakhale ina imene mapointi anu akuiposa ndi awiri kapena atatu, ndipo musanailembe onani ngati muli ndi magiredi amene ikufuna pa maphunziro ake. Makolo, fomuyo muione limodzi ndi mwana komanso mphunzitsi wake isanatumizidwe.