N'chifukwa chiyani Dziko Lapansi silithawa dzuwa?

M'kalasi ya Fizikisi timaphunzira kuti chinthu chomwe chikuyenda chimapitiriza molunjika, pa liwiro lomwelo, pokhapokha mphamvu ina itachikankha kapena kuchikoka. Tsono Dziko Lapansi likuthamanga makilomita pafupifupi 30 pa sekondi iliyonse. Pa liwiro limeneli, ulendo wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ungatitengere masekondi osapitirira khumi ndi awiri. Nanga chimalikhotetsa n'chiyani kuti lizizungulira dzuwa m'malo mongopitirira?

Yankho ndi mphamvu yokoka. Isaac Newton adalemba m'buku lake la mu 1687 kuti chinthu chilichonse chimakoka chinzake. Mango akathothoka amakokedwa ndi dziko, nawonso amakoka dziko, kungoti dziko ndi lalikulu kwambiri moti silisuntha mooneka. Kukokako kumakula zinthuzo zikakhala zolemera, ndipo kumachepa zikatalikirana: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu imachepa kanayi, ukawirikiza katatu, imachepa ka 9. Dzuwa limalemera kuposa dziko lathu pafupifupi ka 333,000, n'chifukwa chake likutikokabe ngakhale tili pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni.

Apa ambiri amafunsa kuti, ngati dzuwa likutikoka, bwanji sitigweramo? Zoona zake n'zakuti tikugwa ndithu, nthawi zonse. Tiyeni tiwerengere.

Mwala tikausiya pano pansi, liwiro lake limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. Pogwiritsa ntchito s = ½ × a × t², tipeza kuti umagwa mamita 4.9 m'sekondi yoyamba. Kukoka kwa dzuwa pa mtunda womwe tili n'kochepa zedi poyerekeza ndi kumeneku: a ndi 0.006 basi. Theka la 0.006 ndi mamita 0.003, kutanthauza mamilimita 3. Choncho sekondi iliyonse dziko limagwera kudzuwa mamilimita 3, mtunda wochepera kutalika kwa njere ya mpunga.

Koma m'sekondi yomweyo layendanso makilomita 30 cham'mbali. Tijambule bwalo papepala, kenako tiike rula mokhudza m'mphepete mwake pamalo amodzi. Tikamatsata rulayo tiona kuti ikutalikirana ndi bwalolo pang'onopang'ono. Pa bwalo lalikulu ngati njira ya dziko lathu, kuyenda molunjika makilomita 30 kungatitalikitse ndi dzuwa mamilimita 3. Ndiye taonani: kuyenda molunjika kukanatichotsa mamilimita 3, kugwa kwatibweza mamilimita 3 omwewo, ndipo mtunda wathu ndi dzuwa sunasinthe. Izi zikachitika sekondi ndi sekondi kwa masiku 365, bwalo lakwana, chaka chatha.

Zonse zagona pa liwiro. Dziko litaima chiimire, lingagwere m'dzuwa m'masiku pafupifupi 65. Litathamanga makilomita 42 pa sekondi, kukoka kwa dzuwa kungalikhotetse, koma lingapite osabweranso. Liwiro la pakati pa malire awiriwa limapanga njira yooneka ngati dzira, ndipo njira yathu nayonso si bwalo lenileni: mu Januwale timakhala pa makilomita 147 miliyoni kuchokera kudzuwa, mu Julaye 152 miliyoni, ndipo tikayandikira timathamangirako. Mapulaneti akutali amakokedwa mofooka, choncho liwiro lochepa limawakwanira. Neptune ili kutali ka 30 kuposa ife, kukoka kwa dzuwa pa mtunda umenewo n'kochepera ka 900, imayenda makilomita 5 ndi pang'ono pa sekondi, ndipo imatenga zaka 165 kuti izungulire kamodzi.

Pali zolakwika ziwiri zomwe timazipeza kawirikawiri pochonga mayeso. Choyamba n'kulemba kuti kuthambo kulibe mphamvu yokoka. Kukanakhala kulibe, mwezi ukanatisiya kalekale. Chomwe kulibe ndi mpweya, ndipo n'chifukwa chake dziko silifuna injini kuti lipitirize kuyenda: palibe cholikhula n'kulichepetsa liwiro monga mphepo ichitira ndi njinga.

Chachiwiri n'kujambula mivi iwiri yolimbana, wina woloza kudzuwa, wina woloza kunja, n'kunena kuti ikufanana. Zikanafanana, dziko likanayenda molunjika. Mphamvu ndi imodzi yokha, yoloza kudzuwa. Mutha kutsimikiza nokha pabwalo la masewero, anzanu ataima patali. Mangani mpira wa mapepala kuchingwe, muuzungulitse pamwamba pa mutu, kenako mutaye chingwecho. Mpirawo suuluka mothawa dzanja lanu molunjika kunja ayi. Umapita cham'mbali, komwe unkalowera pa nthawi yomwe mwautaya. Muyese kangapo, ndipo mujambule m'kope njira yomwe wadutsa, tidzaione pa phunziro lotsatira.