Kalata yoitanitsa ndalama pakati pa makampani a inshuwalansi: mafunso ndi mayankho

Galimoto yanga inakonzedwa kale, kampani inalipira. Nanga kalata iyi ikufunanso chiyani?

Ikufuna kuti ndalama zimene kampani yanu inawononga zibwerere, ndipo sikuzifuna kwa inu. Ikuzifuna kwa amene anachititsa ngoziyo, kudzera ku kampani yake ya inshuwalansi. Inu mwangopatsidwa kope kuti mudziwe. A m'maofesi a inshuwalansi amautcha mchitidwewu sabulogeshoni: kampani ikakulipirani, imatenga ufulu umene munali nawo wokasumira wolakwayo, n'kuugwiritsa ntchito m'malo mwanu.

Tiyerekeze chonchi. Bambo wina wa kwa Makhuwira ali ndi pikapu yonyamulira mpunga kuchokera ku sikimu ya Nkhate kupita ku Blantyre. Pa Thabwa, pamene msewu wa kuno kutsidya la kum'mawa kwa Shire umakumana ndi M1, lole yotsika m'mapiri yalephera kuima n'kuiwomba pikapuyo kumbuyo. Pikapu ili ndi inshuwalansi yolipira chilichonse, ya komprehensivu. Lole ili ndi yolipira anthu ena okha, imene lamulo la pamsewu limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo. Galaja yawerengera K4,800,000. Mwini pikapu walipira yekha K300,000, gawo lija lotchedwa ekisesi, ndipo kampani yake yapereka K4,500,000 yotsalayo. Kalata ija ikupita ku kampani ya lole kukaitanitsa K4,500,000 imeneyi.

Bwanji osandisiya ineyo kuti ndikatengenso ndalama kwa mwini lole? Wolakwiridwa ndine.

Chifukwa inshuwalansi ya katundu ntchito yake ndi kukubwezerani pamene munali ngozi isanachitike, osapitirira pamenepo. Mukalandira pikapu yokonzedwa, kenako n'kulandiranso mamiliyoni anayi ndi theka kwa mwini lole, ngoziyo yasanduka malonda. Mfundoyi ndi yakale. Makhoti a kuno amatsata zambiri za malamulo ochokera ku Mangalande, ndipo kumeneko inakhazikika pa mlandu wa Castellain ndi Preston mu 1883. Munthu anagulitsa nyumba, nyumbayo n'kupsa malonda asanatsirizike. Kampani inamulipira, wogulanso anapereka mtengo wonse. Khoti linati abweze ndalama za kampani, pakuti palibe chimene anataya.

Mbali inayo ndi yakuti wolakwa asapulumuke chabe chifukwa amene anamuwomba anali wochenjera kugula inshuwalansi yabwino.

Kalata yolembedwa bwino imakhala ndi zotani?

Imatchula tsiku ndi malo a ngozi, manambala a magalimoto onse awiri, nambala ya polise ya lole ndi nambala ya fayilo. Kenako imanena mwachidule chifukwa chake ikuti wolakwa ndi dalaivala wa lole: anawomba kumbuyo galimoto imene inaima pamphambano. Imatchula ndalama, ndi masiku amene ikupereka kuti yankho libwere nkhani isanapite kwa maloya.

Mphamvu ya kalatayi ili m'mapepala omatidwa kumbuyo kwake: lipoti la apolisi apamsewu, zithunzi, lipoti la woyesa zowonongeka, invoisi ya galaja, ndi umboni wakuti ndalama zinatulukadi. Umboni womalizawu ndi wofunika kwambiri, chifukwa ufulu wa kampani umayamba ikalipira. Lonjezo lakuti idzalipira silikwanira. N'chifukwa chake anakusainitsani fomu yovomereza kuti mwakhutira ndi kakonzedwe potenga pikapu ku galaja.

Kodi kampani ya lole imangolipira ikalandira kalata?

Kawirikawiri ayi. Imayamba yafunsa kasitomala wake, ndipo madalaivala ambiri nkhani amaifotokoza mosiyana ndi mmene inalembedwera. Wa lole akhoza kunena kuti magetsi a mabuleki a pikapu sankayaka, ndiponso matumba a mpunga anaphimba kumbuyo konse. Ngati pali umboni wa zimenezi, makampani amagawana mlandu. Atagwirizana kuti lole inalakwa magawo 70 pa 100 ndipo pikapu magawo 30, pa K4,500,000 pabwera K3,150,000 yokha. Lipoti la apolisi limalemera pa zokambiranazi, komabe si chigamulo cha khoti, ndipo likhoza kutsutsidwa.

Imayang'ananso invoisi mzere ndi mzere. Ngati galaja inasinthanso galasi lakutsogolo limene linang'ambika kale ndi miyala ya msewu wa ku Livunzu, pamene lole inagunda kumbuyo, mtengo wa galasiwo auchotsa. Ndipo akhala akulondola.

Chachitatu ndi malire. Polise iliyonse imalemba ndalama zimene kampani singapitirire pa katundu wa anthu ena. Ngati polise ya lole imathera pa K3,000,000, kampani yake ipereka zomwezo n'kusamba m'manja. Zotsalazo zimamutsata mwini lole kunyumba kwake. Eni malole ambiri amadabwa pamenepa, poti ankaganiza kuti chomata cha pagalasi chija chinawaphimba pa zonse.

Tinakambirana pamalo a ngozi, mwini lole anandipatsa kangachepe ndipo tinalemberana kuti nkhani yatha. Pali vuto?

Lilipo, ndipo pa zonse za m'kabuku kano ili ndi limene limapweteka anthu athu kwambiri. Kuno kuchigwa timakonda kuthetsa nkhani pakati pathu, nthawi zina pamaso pa amfumu, ndipo pa mbuzi yodya chimanga cha mnzako njirayo ndi yabwino. Pa galimoto ya inshuwalansi ndi yoopsa. Kampani ilibe ufulu wakewake pa mwini lole. Imangogwiritsa ntchito wanu. Mukasaina kuti mwalandira K500,000 ndipo simudzafunanso kanthu, mwatseka khomo limene kampani ikanalowera. Kalata yake ikafika, a mbali inayo angoyankha ndi kope la pepala lanulo.

Zikatero kampani ikhoza kukana kukulipirani ngati inali isanalipire, kapena kukuitanitsani zimene mwaitayitsa ngati inalipira kale. Polise yanu imaletsa kuvomera kulakwa kapena kugwirizana ndi wina aliyense popanda chilolezo chawo. Pamalo a ngozi tengani nambala ya galimoto, dzina la dalaivala, jambulani chomata cha inshuwalansi, itanani apolisi, dziwitsani kampani msanga. Osasaina kanthu.

Nanga K300,000 yanga ija, ndi masabata amene pikapu inali ku galaja osanyamula mpunga?

Zimenezi kampani yanu sinalipire, choncho ufulu wozifuna udakali wanu. Lemberani kampani yanu, kalata yoitanitsa ndalama ija isanatumizidwe, kuipempha kuti iphatikize ekisesi yanu pa zimene ikuitanitsa. Za phindu lotayika mufunika umboni, monga malisiti a maulendo a miyezi yam'mbuyo. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: ngozi imodzi pa galimoto imodzi ndi mlandu umodzi. Mukathamangira kukhoti nokha kukasumira ekisesi yokha n'kupambana, mukhoza kutsekereza mlandu waukulu wa kampani. Yendani nawo limodzi.

Ndalandira samani yolembedwa dzina langa ngati wodandaula, koma sindinasumire munthu. Zatheka bwanji?

Makampani akalephera kugwirizana, mlandu umalowa m'khoti m'dzina lanu, pakuti ufulu ndi wanu ngakhale ndalama zidzapita kwa iwo. Maloya amalipidwa ndi kampani. Inu mukhoza kuitanidwa kukachitira umboni, ndipo polise imakukakamizani kuthandiza. Sungani zithunzi ndi manambala a mboni, chifukwa milandu yotere imatenga nthawi.

Ngati mukuona kuti kampani yanu yalandira ndalama zophatikiza ekisesi yanu koma sikukubwezerani, dandaulani kwa iwo polemba kalata ndipo sungani kope. Akapanda kuyankha, pitani nalo dandaulo ku Banki Yaikulu ya dziko lino, imene bwanamkubwa wake ndiye woyang'anira makampani a inshuwalansi.